Nyale za sola kumidzi: ndi mabanja angati amene angaguledi?

Funso

Ndakhala ndikugulitsa katundu wa m'nyumba kwa zaka zingapo, ndipo tsopano ndikufuna kuyamba kugulitsa nyale yatsopano ya sola, yotchajanso foni, kwa mabanja akumidzi. M'dera limene ndikulingalira muli mabanja pafupifupi 40,000 opanda magetsi. Ndinafunsa anthu 50 pamsika, ndipo 45 anati angagule. Ndiye ndawerengera kuti nditha kugulitsa nyale 36,000. Opanga nyalezi akuti anditsitsira mtengo ndikaoda 10,000 nthawi imodzi, ndipo ndikuganiza zotenga ngongole kubanki. Kodi masamu angawa ali bwino?

Mayi wochita malonda

Yankho

Zikomo kwambiri mayi chifukwa cha kalata yanu. Mtima ukhale m'malo: mwafunsa nthawi yabwino, ndalama zikadali m'thumba ndipo simunasayine pepala lililonse. Mwachitanso chinthu chimene ambiri sachita, kutuluka kukalankhula ndi anthu enieni. Koma nambala imene mwapezayo musapite nayo kubanki. Ndakhala zaka zambiri ndikuthandiza ogulitsa zipangizo za sola kuwerengera msika, ndipo cholakwika chimene ndachiona kawirikawiri ndi chomwechi: kuwerenga anthu amene akusowa kuwala ngati kuti ndi anthu amene atulutsa ndalama. Magulu awiriwa ndi osiyana kutalitali. Msika wanu ndi mabanja amene mungawafikire, amene angalipire mtengo wanuwo, m'chaka chimodzi. Tiyeni tiwafufuze limodzi mabanja amenewa, pang'onopang'ono. Manambala amene ndigwiritse ntchito ndi ongoyerekeza, kuti muone njira yake. Enieniwo mukawapeza nokha.

Ndiyambe ndi anthu a pamsika aja. Munthu wopezeka pamsika tsiku la msika nthawi zambiri amakhala ndi kandalama m'thumba, ndi wamphamvu zoyenda, ndipo mwina amakhala pafupi ndi msewu. Gogo wolera adzukulu kumudzi wakutali simunakumane naye, chonsecho naye ali m'gulu la mabanja mukuwerengawo. Kuwonjezera apo, funso lakuti "kodi mungagule?" ndi funso limene munthu waulemu amavutika kuliyankha kuti ayi. Mwamuonetsa chinthu chokongola, mwamwetulira, ndipo iye sataya kanthu pokuvomerani. Ena amavomera poganiza kuti mwina mukulemba mayina a anthu odzalandira nyale zaulere. Sikuti akunama. Nyaleyo akuifunadi. Koma kufuna kumakumana ndi fizi ya mwana, mankhwala, mbewu ndi sopo, ndipo pa mpikisano umenewo nyale imatsalira m'mbuyo nthawi zambiri. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. "Inde" wa pamsika ndi fodya wa pachala.

Tsono tibwerere ku mabanja 40,000. Choyamba fufuzani kumene nambalayi inachokera komanso chaka chake. Mayiko ambiri amachita kalembera wa anthu kamodzi pa zaka 10, choncho nambala imatha kukhala yakale ndithu. Pa zaka zimenezo mabanja amachuluka, koma mawaya a magetsi amafikanso m'malo atsopano. Ofesi ya boma yoona za chiwerengero cha anthu imakhala ndi manambala a dera ndi dera, ndipo kampani ya magetsi kapena nthambi ya boma yoona za magetsi akumidzi imadziwa midzi imene ili pa mndandanda wolandira magetsi posachedwa. Onaninso kuti nambalayo ikunena za mabanja, osati anthu, chifukwa nyale imagulidwa ndi banja. Ngati nambala yanu ndi ya posachedwapa, tipitirire nayo momwemo.

Chinthu chachikulu chimene nambalayi imabisa ndi chakuti banja "lopanda magetsi" silitanthauza banja lokhala mumdima. Limatanthauza banja losalumikizidwa ku mawaya basi. Ambiri mwa mabanja amenewa ali kale ndi kena kake: tochi ya mabatire, tochi ya pafoni, makandulo, nyale ya palafini, ndipo ena ali kale ndi nyale ya sola kapena kapanelo padenga. Kuti mudziwe kuchuluka kwawo, palibe njira ina koma kuyenda khomo ndi khomo. Lembani mayina a midzi yonse ya m'deralo pa timapepala, pindani, sakanizani m'chidebe, ndipo mutole 10 osayang'ana. Musasankhe nokha, chifukwa mtima umakokera kumidzi yapafupi ndi msewu kumene muli ndi anzanu. M'mudzi uliwonse yenderani mabanja 20, mukudumpha nyumba zingapo pakati, ndipo muyambire kumapeto kwa mudzi nthawi zina, osati pafupi ndi sitolo nthawi zonse. Onse pamodzi akhala mabanja 200.

Pakhomo paliponse musafunse kuti "muli ndi nyale ya sola?" n'kulemba yankho. Pemphani mwaulemu kuti akuonetseni chimene anaunikira usiku wathawu, ndipo achiyatse inu mukuona. Ndimakumbukira mayi wina amene anandiyankha mosangalala kuti nyale ya sola ali nayo. Nditapempha kuti ndiione, analowa m'nyumba n'kutuluka nayo ili fumbi lokhalokha, galasi lake litachita chikasu, kumbuyo kutatupa chifukwa cha batire. Anadina batani katatu, osayaka. Anati inagwira ntchito miyezi inayi yokha, ndipo amene anawagulitsa sanaonekenso. Usiku umenewo ana ake anawerengera pa tochi ya pafoni. Pa pepala la kafukufuku banja limeneli likanalembedwa kuti "lili ndi sola". Zoona zake, linalibe nyale, komanso linali litataya chikhulupiriro pa nyale za sola zonse. Mabanja oterewa muwalembe paokha, chifukwa akachuluka m'dera, ntchito yanu yogulitsa ikhala yolemera kuposa mmene mukuganizira.

Tiyerekeze kuti mwa mabanja 200 aja mwapeza 50 ali ndi nyale kapena panelo ya sola yogwira ntchito. Ndiye kuti ndi banja limodzi pa anayi alionse. Pa mabanja 40,000, amenewa ndi 10,000, ndipo otsala ndi 30,000. Awo 10,000 musawaiwale, tibwerera kwa iwo.

Pa ulendo womwewo funsani funso lina lofunika kwambiri: pa masiku 7 apitawa, mwawononga ndalama zingati pa mabatire, makandulo, palafini ndi kutchajitsa foni? Funsani za sabata imodzi yokha, chifukwa za mwezi wathunthu munthu amangoyerekeza. Kenaka gawani mtengo wa nyale yanu ndi ndalama za pa sabatazo. Yankho lake ndi masabata amene banjalo lingadikire kuti nyale ibweze ndalama zake. Banja limene nyale ingabweze ndalama pa masabata 15 kapena 20 limamvetsa msanga mukalifotokozera. Limene lingadikire zaka ziwiri silimva za kupulumutsa ndalama, ngakhale mutalankhula bwino chotani. Apa pali kusintha kumene ogulitsa ambiri sanakuzindikire. Kale, pamene mabanja ambiri ankadalira palafini, nyale ya sola inkapulumutsa ndalama zooneka. M'madera ambiri tsopano matochi otsika mtengo a mabatire ndi matochi a pafoni analowa m'malo mwa palafini, ndipo banja limawononga zochepa pa kuwala. Kumeneko chimene chingagulitse nyale yanu ndi kuwala kwake kokwanira chipinda chonse komanso kutchaja foni, osati masamu a kupulumutsa ndalama. Mukadziwa zimenezi mudziwanso zokalankhula pakhomo.

Tsopano funso lakuti mungafike kuti. Ili ndi limene limadula nambala kwambiri, ndipo anthu ambiri amalilumpha. Nyale si katundu woti munthu amayenda tsiku lathunthu kukamufuna, makamaka ikakhala yatsopano, yosadziwika dzina. Imagulidwa pamene munthu waiona ikuyaka, waigwira, ndipo akudziwa kumene angakadandaule ikawonongeka. Tengani mapu a deralo, ikani chizindikiro pa malo alionse amene mudzakhale ndi wogulitsa kapena sitolo yosunga nyale zanu m'chaka choyamba, ndipo muzungulize midzi imene wogulitsayo angafikeko ndi kubwerako tsiku lomwelo, wapansi kapena panjinga. Ganizirani za nyengo ya mvula, pamene misewu ina imaduka. Werengani mabanja a m'midzi yozungulizidwayo. Tinene kuti akwana magawo 40 pa 100 a dera lonse. Ndiye kuti pa mabanja 30,000 opanda sola, amene mungawafikire ndi 12,000. Enawo alipo, akusowadi kuwala, koma chaka chino si msika wanu.

Apa ndi pamene tafika pa mtima wa nkhani: mwa mabanja 12,000 amenewa, ndi angati angatulutse ndalama? Palibe buku, lipoti kapena katswiri angakuuzeni nambala imeneyi. Njira yokha yodalirika ndi kugulitsa nyale zenizeni, pa mtengo weniweni, kwa mabanja osankhidwa mwa maere. Choncho musanaode zikwizikwi, gulani nyale 60 kapena 80 zokha, ngakhale pa mtengo wokwera. Ndalama zimenezo muzione ngati mtengo wa kafukufuku.

Kachitidwe kake ndi aka. Sankhaninso midzi 10 mwa maere, koma ulendo uno mwa midzi imene mungafikire ija. M'mudzi uliwonse pezani mabanja 20 opanda nyale ya sola. Onetsani nyaleyo pakhomo, makamaka chakumadzulo kuti kuwala kwake kuoneke, ndipo mutchajepo foni yawo kwa mphindi zingapo. Nenani mtengo umene mudzagulitsire nthawi zonse, osati wotsitsa. Kenaka siyani kapepala kokhala ndi nambala, kosonyeza kuti banjalo lingagule nyale kwa wogulitsa wanu pasanathe masabata awiri. Masabata awiriwo ndi ofunika, chifukwa banja lakumidzi silisunga ndalama zambiri m'nyumba, ndipo kugula chinthu chotere kumafuna kuti bambo ndi mayi akambirane, mwina agulitse kena kake kaye. Mukafuna ndalama pompopompo, mupeza nambala yochepa kuposa yeniyeni. Mukapereka miyezi, anthu amaiwala. Masabata awiri akatha, werengani timapepala timene tabwera ndi ndalama. Malonjezo musawerenge.

Tiyerekeze kuti mwa mabanja 200, amene agula ndi 30. Amenewo ndi 15 pa 100 alionse. Nambala imeneyi isakukhumudwitseni. Pa katundu watsopano wolipira ndalama zonse nthawi imodzi, si yoipa ayi. Koma musaigwire ngati mwala. Mabanja 200 ndi ochepa, ndipo masamu a kafukufuku amasonyeza kuti mukapeza 15 pa 100 mwa mabanja 200, nambala yeniyeni ya dera lonse ikhoza kukhala paliponse pakati pa 10 ndi 20. Ikhozanso kutalikirapo pang'ono, chifukwa anthu a mudzi umodzi amatengerana: mphunzitsi akagula, oyandikana naye amatsatira. N'chifukwa chake midzi 10 ya mabanja 20 iposa midzi iwiri ya mabanja 100. Yang'ananinso mudzi ndi mudzi. Ngati ogula 30 aja amwazikana m'midzi yonse, nambalayo mungaidalire. Ngati 18 mwa iwo achokera m'mudzi umodzi, fufuzani chimene chili m'mudzimo, kaya ndi msika wa mbewu, kaya ndi anthu olandira malipiro a pamwezi, chifukwa midzi ina isanu ndi inayi ikukuuzani nkhani yosiyana.

Tikachulukitsa, 15 pa 100 a mabanja 12,000 ndi mabanja 1,800. Poyang'ana malire aja, ndi pakati pa 1,200 ndi 2,400. Umenewu ndiye msika wa ogula koyamba amene mungayembekezere ngati banja lililonse m'dera lanu litaonetsedwa nyale pakhomo monga munachitira poyesa.

Mawu akuti "ngati" amenewo ndi olemera. Poyesa paja, inu mwini munaima pakhomo lililonse, ndi mtima wonse. Kodi ogulitsa anu adzafikadi pa makomo 12,000 m'chaka chimodzi? Choncho werengeraninso kuchokera pansi, kuchokera pa miyendo ya ogulitsa. Tinene kuti muli ndi ogulitsa 8. Aliyense akaonetsa nyale pa makomo 25 kapena 30 pa sabata, ndipo 15 pa 100 n'kugula, agulitsa nyale zinayi pa sabata. Chaka chili ndi masabata 52, koma chotsanipo masabata a mvula yamphamvu, matenda, maliro, ndi nthawi imene wogulitsayo ali kumunda kwake. Atsala ngati 40. Ogulitsa 8, nyale zinayi, masabata 40: zonse pamodzi ndi nyale 1,280. Mukuona kuti njira ziwirizi, yochokera pamwamba ndi yochokera pansi, zakumana pafupifupi malo amodzi. Zikakumana chonchi mtima umakhazikika. Zikasiyana kwambiri, mwachitsanzo ina ikupereka 1,500 ina 9,000, ndiye kuti pali nambala ina yolakwika, ndipo nthawi zambiri yocheperayo ndi imene imakhala pafupi ndi zoona.

Tibwerere kwa mabanja 10,000 amene ali kale ndi sola. Nyale sikhala mpaka kalekale; chimene chimayamba kufa ndi batire. Mwa mabanja amenewa, amene ali m'dera lanu lofikirika ndi ngati 4,000. Ngati nyale zawo zimakhala pafupifupi zaka zitatu, ndiye kuti chaka chilichonse mabanja opitirira pang'ono 1,300 amafuna ina. Si onse adzagulenso, ndipo ogulawo ali ndi mitundu ina yosankhapo. Mutapeza mmodzi mwa anayi, ndi nyale ngati 300 pamwamba pa zija. Gulu limeneli ndi laling'ono pa chiyambi, koma ndi limene limasunga bizinesi pa zaka za m'tsogolo. Ogula koyamba amatha: banja likagula lero, chaka chamawa silikhalanso pa mndandanda, ndipo otsalawo amakhala ovutirapo kuwagulitsa chifukwa ofunitsitsa anagula kale. Msika wokhalitsa ndi wa anthu obwerera kudzagula nyale ina, kapena yachiwiri ya chipinda cha ana, ndipo amabwerera kwa wogulitsa amene nyale yake sinawakhumudwitse.

Tikaphatikiza zonse, chaka choyamba chikuonetsa nyale pakati pa 1,600 ndi 2,100. Ndiye onani oda ya 10,000 ija. Pa liwiro limeneli, katunduyo angakutengereni zaka pafupifupi zisanu kapena kuposerapo. Pa zaka zonsezo chiwongola dzanja cha banki chikuwerengedwa mwezi ndi mwezi. Choopsa china n'chakuti nyale si ndowa kapena mbale zoti zingakhale m'nyumba yosungira katundu osasintha. Batire ya lifiyamu imataya moto pang'onopang'ono ngakhale nyale ili m'katoni, ndipo ikatheratu n'kukhala choncho nthawi yaitali, imafooka kapena kufa, makamaka pamalo otentha. Opanga ambiri amalangiza kuti nyale zosungidwa zizitchajidwa pakapita miyezi ingapo. Taganizani ntchito yotsegula makatoni a nyale 8,000 kuti muzitchaje. Ndinaonapo wamalonda wina, amene anakopeka ndi mtengo wotsitsa ngati womwewu, akutsegula makatoni patatha zaka ziwiri. Ankadina nyale imodzi imodzi, akuika zoyaka kumanja, zosayaka kumanzere, ndipo mulu wakumanzere unkakula iye akuona. Pa nthawiyo n'kuti pamsika patafika kale mtundu watsopano wowala kuposa wake. Zimene anapulumutsa pa mtengo zinathera pamenepo, ngongole ikadalipo. Zinandipweteka mtima chifukwa anali munthu wolimbikira, ndipo nyale zake zinali zabwino. Chinamugwetsa ndi nambala imodzi yokha.

Mwina mukuganiza kuti kutsitsa mtengo kungakulitse msika. N'zoona, anthu ogula nyale zoterezi amatengeka kwambiri ndi mtengo, ndipo ndi bwino kuyesa. Chitani zimenezi m'midzi ina yotalikirana ndi yoyamba ija, kuti anthu asamve kuti mnzawo wagula motsika n'kukwiya. Koma poona zotsatira, yang'anani phindu, osati kuchuluka kwa nyale. Tinene kuti mtengo wanu tiugawe m'magawo 100, ndipo mukachotsa zogulira nyale, mayendedwe ndi gawo la wogulitsa, phindu lanu ndi magawo 30. Mukatsitsa mtengo ndi magawo 25, phindu latsala magawo 5. Tiyerekeze kuti ogula akwera kuchoka pa 15 kufika pa 26 pa mabanja 100 alionse. Pa mtengo woyamba munali ndi 15 kuchulukitsa ndi 30, zimene ndi 450. Pa mtengo wotsitsa muli ndi 26 kuchulukitsa ndi 5, zimene ndi 130. Mwagulitsa nyale zambiri, mwatopa kwambiri, ndipo mwapeza zochepa.

Njira ina imene imatsegula msika kuposa kutsitsa mtengo ndi kulola anthu kulipira pang'onopang'ono, chifukwa vuto la mabanja ambiri si mtengo wonse koma kuupeza tsiku limodzi. Mukafuna kuyesa njira imeneyi, muiyese payokha, ndipo powerengera msika muwerenge okhawo amene amaliza kulipira, osati onse amene atenga nyale. Kutolera ndalama kumadya nthawi ya wogulitsa, ndipo pa nyale yaing'ono maulendo obwerezabwereza angathe kumeza phindu lonse.

Nyengo nayo isakunamizeni. Mabanja odalira ulimi amakhala ndi ndalama akakolola ndi kugulitsa mbewu, ndipo amakhala opanda kanthu miyezi ya kudikira zokolola. Mukayesa malonda anthu atangogulitsa mbewu, 15 pa 100 uja ndi wa nyengo yabwino, ndipo simungamufalitse pa chaka chonse. Mukayesa nthawi yovuta, mutha kutaya mtima pa msika umene ulipo ndithu. Ngati n'kotheka yesani kawiri, nyengo ziwiri zosiyana. Ngati simungathe, lembani mwezi umene munayesera pafupi ndi nambalayo, kuti inu ndi a banki mudziwe chimene ikutanthauza. Funsaninso akuluakulu a m'deralo ngati pali bungwe limene likukonza zogawa nyale zaulere kapena zotsika mtengo, chifukwa mphekesera yokha ya zimenezi imaimitsa malonda miyezi ingapo; aliyense amadikira.

Za malipoti akuluakulu ndinene mwachidule. Bungwe la GOGLA, limene limasonkhanitsa makampani a zipangizo za sola zosadalira mawaya, limatulutsa manambala a malonda a nyale dziko ndi dziko pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Ndi othandiza poona ngati msika ukukula kapena ukutsika, koma amawerenga malonda a makampani ogwirizana nalo okha, pamene nyale zochuluka zopezeka m'misika ndi zopanda dzina lodziwika ndipo sizilowa m'manambalawo. Kafukufuku wa mabanja monga DHS ndi MICS amafunsa ngati nyumba ili ndi magetsi, ndipo angakuthandizeni kutsimikiza nambala yanu yoyambira. Gwiritsani ntchito malipotiwa ngati mpanda: ngati masamu anu akusonyeza kuti inu nokha, m'dera limodzi, mugulitsa gawo lalikulu la zimene makampani onse amagulitsa m'dziko lonse, bwererani mukaone pamene palakwika.

Pali malo angapo pamene ndikukulangizani kuti musayende nokha. Musanaode ngakhale nyale zoyesera zija, onani ngati mtundu umenewo unayesedwa ubwino wake. Ndondomeko ya VeraSol, imene inapitiriza ntchito yoyesa nyale imene inayambira ku Lighting Global ya Banki ya Dziko Lonse, ili ndi mndandanda wa nyale zoyesedwa, wosonyeza kuwala kwake ndi maola amene zimayaka zikatchajidwa tsiku limodzi padzuwa. Ngati nyale yanu mulibemo, funsani opangawo zikalata za kumene inayesedwa, ndipo bungwe loona za miyezo ya katundu m'dziko lanu likuuzeni zimene malamulo amafuna. Masamu onse amene tachitawa akuganizira kuti nyaleyo ndi yabwino. Ikayamba kufa pa miyezi itatu, mbiri imayenda m'mudzi mofulumira kuposa wogulitsa wanu, ndipo 15 pa 100 uja amasanduka 2. Mumvetsenso bwino za chitsimikizo cha opanga: nyale ikawonongeka, ndani alipire yosinthira, ndipo ifika bwanji kwa mwini wake kumudzi.

Ngati ngongole imene mukufuna ndi yaikulu moti ikalephereka nyumba kapena bizinesi yanu yakale ingapite, lipirani munthu wodziwa za kafukufuku, kaya wa ku sukulu ya ukachenjede kapena wa ku ofesi ya chiwerengero, kuti akuthandizeni kusankha midzi ndi kuona ngati mabanja 200 akukwanira. Ntchito imeneyi ndi ya masiku ochepa. Wowerengera ndalama nayenso aone mmene ndalama zizilowera ndi kutuluka mwezi ndi mwezi, makamaka miyezi imene malonda amatsika koma banki ikufunabe zake, ndipo wodziwa za msonkho wa katundu wolowa m'dziko akuuzeni zenizeni za mtundu wa nyale yanu, popeza malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko ndipo amasintha.

Kwa opanga nyale aja, bwererani mukawauze kuti mukufuna nyale zochepa zoyesera, kenaka oda ya 500 kapena 600, yokwanira miyezi itatu kapena inayi, ndipo mupemphe kuti mtengo wotsitsa uja uwerengedwe pa nyale zonse zimene mudzatenge m'chaka, osati pa oda imodzi. Ambiri amavomera akaona kuti muli ndi manambala ochokera m'midzi. Kuyambira tsiku loyamba, wogulitsa aliyense akhale ndi kope lolembamo makomo amene waonetsa nyale, amene agula, ndi chifukwa chimene okanawo apereka. Pakatha miyezi itatu, khalani pansi ndi makope amenewo, muike manambala ake m'malo mwa ongoyerekeza amene ndagwiritsa ntchito pano, ndipo oda yachiwiri ichokere pamenepo.